Kuchoka pa choko kupita pa khodi: mmene mungafotokozere zaka zanu za uphunzitsi pa intavyu

Aphunzitsi ambiri amene ndawaona akuyesa kulowa ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta sagwa pa khodi. Amagwa pa funso loyamba lenileni, lija lakuti "tiuzeni za inu". Ena amayamba ndi kupepesa: "Ine kwenikweni ndinali mphunzitsi chabe, koma ndikuphunzira." Ena amathamangira mawu okoma, akuti ndine wodekha, ndimadziwa kukhala ndi anthu, ndimagwira ntchito ngakhale pothinana. Mawu amenewa aliyense wolowa m'chipindamo amawanena, ndipo ofunsa sawalemba n'komwe.

Inenso ndinaphunzitsa masamu kusekondale zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo intavyu yanga yoyamba ndinaitaya motero. Ndinatha mphindi zambiri ndikuonetsa masetifiketi a makosi a pa intaneti, ndikubisa uphunzitsi ngati chilema. Pa intavyu imene ndinapambana ndinalowa ndi vuto limodzi la kusukulu kwathu, pulogalamu yaing'ono imene ndinalithetsera, ndi manambala osonyeza chimene chinasintha. Malangizo ali m'munsimu akutsata njira imeneyo.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Laputopu, ngakhale yakale, bola izitha kutsegula Excel ndi Python, chimodzi mwa zilankhulo zolembera khodi. Pafoni mutha kuwerenga maphunziro, koma simungapangirepo ntchito yoonetsa.
- Bandulo ya intaneti ndi malo otchajira magetsi akathima. Dawunilodani maphunziro nthawi imene netiweki ili bwino kuti muziwerenga ngakhale intaneti palibe.
- Akaunti ya GitHub, webusayiti yosungirapo ndi kuonetserapo khodi, ndi ya LinkedIn, zonse m'dzina lanu lenileni, ndi imelo yooneka ya munthu wamkulu.
- Mapepala anu akale: masikimu, malesoni pulani, mabuku a malikisi, kaundula wa ophunzira, maminitsi a misonkhano ya dipatimenti. Musawataye, ndiwo chuma chanu pa nkhani imeneyi.
- Zotsatsa ntchito khumi za mtundu umene mukufuna, zosindikiza kapena zosunga pakompyuta.
- Kope limodzi lolembamo zolakwika zimene mwakumana nazo ndi mmene munazikonzera.
- Munthu mmodzi amene ali kale pa ntchito ya mapulogalamu, woti azikuuzani zoona.

## Gawo 1: Sankhani khomo limodzi

Ntchito za mapulogalamu zili ndi makomo angapo, ndipo si onse amene amatseguka mofanana kwa mphunzitsi. Pali wolemba khodi woyamba kumene. Pali woyesa mapulogalamu, amene ntchito yake n'kufufuza pamene pulogalamu ikulakwitsa isanafike kwa anthu. Pali wosamala ndi kusanthula deta. Palinso wophunzitsa ndi kuthandiza anthu kugwiritsa ntchito sisitemu yatsopano. Makomo atatu omalizawa ali pafupi kwambiri ndi zimene mwakhala mukuchita, ndipo munthu atha kulowera pamenepo n'kusamukira ku khodi ali kale mkati.

Tengani zotsatsa ntchito khumi zija, mulembe mzere kunsi kwa chida chilichonse chimene chatchulidwa. Muwerenge chimene chabwera kawirikawiri. Kuno kwathu mabungwe a zaumoyo ndi zachitukuko amakonda kutchula SQL, Excel, KoboToolbox, ODK ndi DHIS2, pamene makampani opanga mawebusayiti amatchula JavaScript, PHP kapena Python. Zimene zabwera kasanu kapena kuposa pa khumi, ndizo muphunzire. Zina zidikire.

Chenjezo: mapanga awiri avumbwitsa. Sabata ino Python, sabata yamawa Java chifukwa wina wanena pagulu la WhatsApp kuti ndiyo ili ndi ndalama, pakutha pa chaka mudzakhala mukudziwa phunziro loyamba la zilankhulo zisanu. Sankhani chilankhulo chimodzi ndi kosi imodzi, monga CS50 ya ku Harvard kapena ya freeCodeCamp, zimene ndi zaulere, ndipo muimalize.

## Gawo 2: Fukulani ntchito zobisika m'zaka zanu za m'kalasi

Khalani pansi ndi mapepala akale aja. Musalembe kuti "ndinkaphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4". Zimenezo ofunsa akuzidziwa kale, nawonso anadutsa m'kalasi. Funani ntchito zimene ankati "apatseni a masamu" kapena "apatseni amene ali ndi laputopu": kukonza tayimutebulo ya sukulu yonse, kulembetsa ophunzira mayeso a MANEB, kuphatikiza malikisi a telemu, kusunga kaundula wa fizi, kudzaza mafomu a chiwerengero cha ophunzira opita ku unduna.

Pa ntchito iliyonse yankhani mafunso anayi m'kope lanu. Panali anthu kapena mizere ingati? Chinkavuta n'chiyani? Ine ndinachita chiyani ndi manja anga? Chinasintha n'chiyani?

Mukatero mudzaona kuti zambiri mwa izi zili ndi abale ake ku ntchito ya mapulogalamu. Amene anakonzapo tayimutebulo amadziwa kuti mphunzitsi mmodzi sangakhale m'makalasi awiri nthawi imodzi, labu ndi imodzi, ndipo wina sapezeka Lachisanu masana. Kumeneko n'kugwira ntchito ndi malamulo omangana, ndipo opanga mapulogalamu amalimbana nazo tsiku ndi tsiku. Amene analembapo ndondomeko yochongera mayeso anaganizirapo pasadakhale mayankho onse amene mwana angapereke, olondola, olakwika ndi apakatikati. Woyesa mapulogalamu amachita zomwezo. Ndipo amene anaonapo ana makumi atatu akulakwitsa samu imodzi mofanana, n'kufufuza mpaka kupeza kuti vuto linayambira pa phunziro la sabata yatha, anayamba kale kuphunzira kusaka gwero la cholakwika.

Chenjezo: ubale si kufanana. Musadzanene pa intavyu kuti lesoni pulani ndi chimodzimodzi khodi, kapena kuti kuyang'anira kalasi ya ana 90 n'chimodzimodzi kutsogolera gulu la opanga mapulogalamu. Wofunsa wodziwa ntchito adzangomwetulira n'kusiya kumvetsera. Inu munene chimene munachita ndi mmene munaganizira. Ubalewo auone yekha.

## Gawo 3: Pangani chinthu chimodzi chochokera ku vuto la kusukulu kwanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndikhalitsapo.

Ofuna ntchito ambiri oyamba kumene amaonetsa mapulogalamu ofanana: kakalikyuleta, mndandanda wa zochita, webusayiti ya nyengo. Zonsezo zimachokera m'makosi, ndipo wofunsa sangadziwe ngati munaganiza nokha kapena munangotsatira vidiyo. Inu muli ndi chimene iwo alibe, vuto lenileni ndi anthu enieni olimva kuwawa.

Langa linali la mayeso a moko a Fomu 4. Tinali ndi ophunzira 140 m'makalasi awiri. Mphunzitsi aliyense ankabweretsa malikisi papepala lake, wina polemba dzina ayambe ndi la bambo, wina ayambe ndi la mwana. Aphunzitsi atatu tinkakhala m'sitafulumu masiku anayi, kusandutsa malikisi kukhala magiredi a 1 mpaka 9 monga a MSCE, kuwerengera mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, n'kuika ana pa manambala. Telemu iliyonse pankabwera kholo lodandaula kuti mapointi a mwana wake alakwika, ndipo nthawi zina linkanena zoona.

Ndinayamba ndi Excel, kenako ndinalemba kachidutswa ka Python kowerengera mapointi. Koyamba kanali kotere:

```python
def mapointi(magiredi):
    return sum(sorted(magiredi.values())[:6])
```

Kamasanja magiredi kuyambira laling'ono, n'kuphatikiza asanu ndi limodzi oyambirira. Kankaoneka kolondola, ndipo pa ana ambiri kankapereka yankho lenileni. Koma pasukulu pathu lamulo linali lakuti Chingerezi chiyenera kulowa m'mapointi ngakhale mwana atachikhoza moperewera. Taonani mwana uyu: Chichewa 1, masamu 2, bayoloje 3, zaulimi 3, jogalafe 5, fizikisi 6, Chingerezi 7. Khodi yanga inatenga 1, 2, 3, 3, 5 ndi 6, n'kupereka 20. Yankho loona ndi 7 wa Chingerezi kuphatikiza 1, 2, 3, 3 ndi 5, zimene zikupereka 21. Kusiyana kwa pointi imodzi yokha, koma kunasintha nambala ya mwanayo m'kalasi. Cholakwikacho sichinkaoneka pa ana amene Chingerezi chawo chinali kale pakati pa maphunziro awo abwino, n'chifukwa chake chinabisala. Anachigwira ndi mphunzitsi wa Chingerezi amene anawerengera pamanja ana asanu kuti atsimikize.

Nditakonza, khodiyo inakhala motere:

```python
def mapointi(magiredi):
    if "English" not in magiredi or len(magiredi) < 6:
        raise ValueError("maphunziro sanakwane")
    ena = sorted(g for s, g in magiredi.items() if s != "English")
    return magiredi["English"] + sum(ena[:5])
```

Mizere iwiri yoyamba mkatimo inabwera chifukwa cha vuto lina. Mwana amene anadwala n'kulemba maphunziro anayi okha ankatuluka ndi mapointi ochepa kuposa onse, ndipo popeza pa magiredi amenewa kuchepa ndiko kukhoza, pulogalamu inamuika pa nambala wani. Tsopano pulogalamu imakana kuwerengera ndipo imanena chifukwa chake.

Vuto lachitatu linali la mayina. Tinali ndi ana awiri a dzina limodzi m'makalasi osiyana, ndipo malikisi awo ankasakanikirana. Ndinasiya kulumikiza mapepala pogwiritsa ntchito dzina, n'kupatsa mwana aliyense nambala yake imene aphunzitsi onse ankalemba. Pambuyo pake, pophunzira SQL, ndinapeza kuti mu databezi chimenechi chili ndi dzina lake, `PRIMARY KEY`, ndipo sindinavutike kuchimvetsa chifukwa ndinali nditalumidwa kale.

Zolakwika zitatuzi ndizo zinandipezetsa ntchito, kuposa khodi yeniyeniyo, imene ndi yaifupi ndipo wina aliyense angailembe. Choncho chilichonse chikakuvutani, lembani m'kope: chinaoneka bwanji, ndinachipeza bwanji, gwero lake linali chiyani, ndinachita chiyani kuti chisabwerenso. Pa funso lomalizali yankho labwino ndi kulemba mayeso a khodi, tizidutswa ta khodi toyesa ngati pulogalamu ikupereka yankho loona. Mwachitsanzo, mwana wa mapointi 21 uja anasanduka mayeso anga oyamba:

```python
def test_english_ilowe():
    m = {"English": 7, "Chichewa": 1, "Maths": 2, "Biology": 3,
         "Agriculture": 3, "Geography": 5, "Physics": 6}
    assert mapointi(m) == 21
```

Lanu lisakhale ngati langa ngati vuto lanu ndi lina. Mphunzitsi wa kupulayimale atha kupanga chowerengera ana ojomba masiku atatu motsatizana, kuti ahedi azidziwa msanga. Woyang'anira laibulale atha kupanga kaundula wa mabuku obwerekedwa. Ngati sukulu yanu ili ndi matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, ndandanda ya magulu a ana ndi kutchaja kwa matabuletiwo ndi vuto lokwana kale.

Chenjezo: musayambe ndi "sisitemu yoyendetsera sukulu yonse". Simudzaimaliza. Tengani ntchito imodzi yotopetsa, muithetse mpaka kumapeto.

## Gawo 4: Chiperekeni m'manja mwa anzanu, kenako chiikeni pa GitHub

Pulogalamu imene mwaigwiritsa ntchito nokha ndi homuweki. Ikagwiritsidwa ntchito ndi mphunzitsi wina inu mulibe, yasanduka ntchito yoti n'kuitchula pa intavyu. Pemphani chilolezo kwa ahedi, mupatse anzanu awiri, ndipo mukhale chete pambali n'kumaona pamene akukakamira. Mudzadabwa. Wina adzalemba "abs" pamalo a malikisi, wina adzasiya mpata, wina adzalemba 105 pa 100. Chilichonse mwa izi n'chokonza, ndiponso ndi nkhani yokanena.

Yezani nthawi musanayambe ndiponso mutamaliza. Kwa ife, masiku anayi a anthu atatu anasanduka masana amodzi a munthu mmodzi, malikisi akakhala kuti alowetsedwa kale. Mawu omalizawa ndimawanena nthawi zonse, chifukwa kulowetsa malikisi kunkatengabe nthawi, ndipo wofunsa akafufuza n'kupeza kuti munakometsera nambala, zonse zimene mwanena zimagwa nayo.

Pa GitHub, sungani ntchito pang'onopang'ono, osati kuponya zonse tsiku limodzi:

```
git add mapointi.py
git commit -m "Include English in best six"
git push
```

Mbiri yotere imaonetsa kuti pulogalamu inakula m'manja mwanu. Lembaninso `README` yaifupi yonena vuto, mmene munthu angayendetsere pulogalamuyo, ndi zimene siitha kuchita. Apa mphunzitsi amaposa ambiri, chifukwa kulemba malangizo oti munthu wosadziwa atsatire ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku.

Chenjezo lalikulu: mayina ndi malikisi enieni a ana asafike pa GitHub, ngakhale kamodzi. Pangani mayina ongopeka oonetsera, ndipo mafayilo enieni muwatchule mu `.gitignore`, fayilo yotchula zimene siziyenera kusungidwa, musanapange `commit` yoyamba. Kufufuta fayilo pambuyo pake sikuichotsa m'mbiri ya Git. Bungwe limene limasunga deta ya odwala kapena ya ndalama za anthu likaona mayina a ana pa akaunti yanu, silidzafunanso kumva zina.

## Gawo 5: Lembaninso sivi

Pamwamba ikani mizere iwiri yonena ntchito imene mukufuna ndi zida zimene mumatha. Kenako pulogalamu yanu ndi adiresi yake ya GitHub. Uphunzitsi ubwere pambuyo pa zimenezi, wonse ndi zaka zake, osabisa. Koma pansi pake musalembe udindo, lembani zochita. M'malo mwa "ndinali mkulu wa dipatimenti ya sayansi", lembani kuti munapanga chowerengera mapointi cha ophunzira 140, munaphunzitsa aphunzitsi khumi ndi awiri kuchigwiritsa ntchito, ndipo ntchito ya masiku anayi inatsika kufika pa masana amodzi. Masamba awiri akwana. Pa zida, tchulani zokhazo zimene mungayankhe mafunso atatu otsatizana.

## Gawo 6: Konzani nkhani zitatu, muziyeseze mokweza

Mafunso ambiri a pa intavyu amayamba ndi "tiuzeni nthawi imene…". Simungaloweze mayankho a onse, koma nkhani zitatu zokonzedwa bwino zimayankha ambiri: imodzi ya vuto limene munalithetsa, ina ya pamene munalakwitsa, ina ya pamene munasemphana ndi munthu. Iliyonse ikhale ndi mbali zinayi: mmene zinthu zinalili, udindo wanu, zimene munachita, ndi zotsatira. Mbali yachitatu itenge theka la nthawi. Nkhani yonse isapitirire mphindi ziwiri.

Nali yankho langa pa funso lakuti "tiuzeni nthawi imene munalakwitsa":

"Ndinalemba pulogalamu yowerengera mapointi a moko a ophunzira 140. Ndinaiyesa pa ana ochepa, yonse inagwirizana, ndiye ndinaikhulupirira. Mnzanga atawerengera pamanja anapeza mwana amene ndinamupatsa 20 m'malo mwa 21. Nditafufuza ndinapeza kuti khodi inkasiya Chingerezi chikakhala kuti si chimodzi mwa maphunziro abwino a mwanayo, pamene lamulo limati chilowe nthawi zonse. Ana amene ndinayeserapo onse anali okhoza Chingerezi, n'chifukwa chake sindinachione. Ndinauza ahedi tsiku lomwelo malipoti asanatuluke, ndinakonza, ndinawerengeranso ana onse, ndipo ndinalemba mayeso a khodi ogwira vuto limenelo. Kuyambira pamenepo ndisanalembe khodi ndimayamba ndafunsa mwini lamulo kuti andipatse zitsanzo zovuta."

Onani kuti m'yankholi mulibe mawu akuti ndine wosamala kapena wokhulupirika. Wofunsa wamva yekha kuti munthuyu amasaka gwero, amaulula msanga, ndipo amatseka bowo. Onaninso kuti ndikuti "ndinachita", osati "tinachita". Ife tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzikweza, ndipo m'sitafulumu n'zoona ndithu. Koma pa intavyu akulemba munthu mmodzi, ndipo mukangoti "tinapanga" adzaganiza kuti anapanga ndi wina inu mukuonerera. Tchulani anzanu pa zimene anachita, monga ndatchulira amene anagwira cholakwika, ndipo mudzitchule pa zanu.

Nkhani ya kusemphana isakhale ya mwana wosamvera. Ikhale ya munthu wamkulu mnzanu. Ine ndimanena za mphunzitsi wina wachikulire amene anakana kulemba manambala a ana, akuti iye amawadziwa ana ake ndi mayina. Sindinakamunenere kwa ahedi. Ndinamusindikizira pepala lokhala ndi mayina ndi manambala kale, iye n'kumangodzaza malikisi. Ku ntchito ya mapulogalamu anthu okana sisitemu yatsopano ali paliponse, ndipo wolemba ntchito amafuna kudziwa ngati mungasinthe chida kuti chimukwane munthu m'malo molimbana naye.

Ma intavyu ambiri amachitika m'Chingerezi. Ganizani nkhaniyo m'Chichewa kuti imveke yanu, kenako muiyeseze m'Chingerezi mokweza, mukudzijambula pafoni. Mukamvetsera mudzapeza pamene mukuzungulira.

## Gawo 7: Mafunso atatu amene amabaya

"N'chifukwa chiyani mukusiya uphunzitsi?" Musayambe ndi malipiro, kuchuluka kwa ana kapena nyumba ya aphunzitsi yodontha, ngakhale zonsezo zili zoona ndipo zimapweteka. Yankho lotere limauza wofunsa chimene mukuthawa, osati chimene mwadzera. Nenani tsiku limene munazindikira kuti ntchito iyi imakukokani: "Nditaona kuti ndikukhala mpaka usiku kukonza pulogalamu ya malikisi popanda wondituma, ndipo yathandiza aphunzitsi khumi ndi awiri, ndinafuna kuti imeneyi ikhale ntchito yanga." Musanyoze uphunzitsi. Pagulu la ofunsalo mwina pali mwana wa mphunzitsi.

"Mulibe digiri ya zamakompyuta. Mupikisana bwanji ndi ochokera ku MUBAS kapena MUST?" Vomerani chimene chili choona. Iwo anaphunzira mozama zinthu zimene inu mwangozikhudza, ndipo mutchule chimodzi chimene mukuphunzira panopa ndi mmene mukuchiphunzirira. Kenako nenani chanu: pulogalamu imene anthu enieni anaigwiritsa ntchito, ndi zaka zofika pa ntchito m'mawa uliwonse, kusunga masiku a mayeso amene sasunthika. Dziwaninso kuti ntchito zina, makamaka za m'boma ndi m'mabanki, zimalemba digiri inayake ngati chofunika, ndipo kalata yopanda digiriyo imatha kuchotsedwa isanawerengedwe. Mphamvu zanu zambiri ziike kumene amayang'ana ntchito ya manja.

"Munali mkulu wa dipatimenti. Mudzatha kulamulidwa ndi mwana wa zaka 25?" Funso ili amalifunsa kapena amangoliganiza. Liyankheni ndi chitsanzo cha nthawi imene wamng'ono kwa inu anakukonzani khodi ndipo munatsatira. Ngati mulibe chitsanzo chotere, chipezeni musanapite: pemphani munthu uja wa pa mndandanda wa zofunika kuti awerenge khodi yanu mosanyengerera.

## Gawo 8: Akakupatsani samu ya khodi pamaso pawo

Musathamangire kiyibodi. Bwerezani funsolo m'mawu anu, mufunse za malire ake: mndandanda ungakhale wopanda kanthu? Manambala angabwerezedwe? Safunsa anadya phula. Kenako yesani chitsanzo chimodzi pamanja, monga mumachitira pa bolodi, n'kumalankhula zimene mukuganiza. Kuganiza mokweza anthu akukuyang'anani kumawavuta ambiri, koma inu mwakhala mukuchita zimenezi zaka zonsezi.

Chenjezo: chizolowezi chomwecho chili ndi msampha. M'kalasi munazolowera kukhala wodziwa yankho, ndi kudzaza mphindi 40 ndi mawu anu. Apa simukuphunzitsa. Musafotokozere wofunsa tanthauzo la `for`, ndipo musamufunse kuti "tili limodzi?". Mukakakamira, nenani poyera kuti apa sindikudziwa, koma ndikanayamba ndi kuyesa chakuti. Akakupatsani kachithandizo, katengeni, chifukwa akuyesanso ngati mumaphunzitsika.

## Gawo 9: Musasiye ntchito kalata isanabwere

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phunzirani ndi kufunsira ntchito mukadali pa malipiro, ndipo ntchito zolemera muziike pa holide. Musanalembe kalata yosiya, funsani ku ofesi yoona za antchito kuti notisi yanu ndi yaitali bwanji, penshoni yanu ikhala bwanji, ndiponso ngati muli ndi ngongole yodulidwa ku malipiro kapena mgwirizano wa tchuthi cha maphunziro umene sunathe. Ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za kontilakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, choncho werengani nthawi yake musanasiye ntchito yokhazikika. Ngati n'kotheka, chokani kumapeto kwa telemu. Ana a Fomu 4 osiyidwa pakati pa silabasi amavutika, ndiponso ahedi omwewo ndi amene adzafunsidwe za inu.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Choyamba ndi kuunjika masetifiketi. Setifiketi ya kosi ya pa intaneti imaonetsa kuti munaonera mavidiyo. Itchuleni mu mzere umodzi, nthawi yotsalayo ipite ku chinthu chimene munapanga.

Chachiwiri ndi kuonetsa khodi imene simungaifotokoze. Wofunsa amangoloza mzere umodzi n'kufunsa kuti bwanji mwalemba `[:5]` osati `[:6]`. Ngati munakopera osamvetsa, zathera pomwepo. Intavyu isanafike, werengani khodi yanu mzere ndi mzere, ndipo umene simukuumvetsa muuphunzire kapena muuchotse.

Ena amadzipatsa maudindo amene sanakhale nawo, monga kulemba kuti anali woyang'anira deta pamene anali mphunzitsi wosunga buku la malikisi. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo foni imodzi yopita kusukulu imaulula zonse. Udindo ulembedwe weniweni, zochitazo ndizo zilankhule.

Palinso kulankhula chilankhulo cha sitafulumu osamasulira. Mukati "ndinkapanga masikimu", wofunsa amene sanaphunzitsepo samva kulemera kwake. Nenani kuti munkagawa ntchito ya telemu yonse m'masabata, n'kumalemba zimene zatheka ndi zimene zatsalira, ndi kusintha dongosolo masiku akatayika.

Chomaliza chimachitika kumapeto kwa intavyu, akafunsa ngati muli ndi funso, inu n'kuti ayi, zikomo. Khalani ndi awiri okonzeka. Funsani kuti khodi ya munthu watsopano amaiwerenga ndani isanalowe mu sisitemu, ndiponso kuti pa miyezi itatu yoyamba amayembekezera kuti munthu wa pa udindowu akhale atamaliza chiyani. Akalephera kuyankha loyambalo, dziwani kuti pamalopo mudzaphunzira nokha, ndipo muganize bwino ngati mwakonzeka kutero musanasaine.